Uthenga umodzi, miyeso yambiri: mmene makina amakonzera positi ya tsamba lililonse la mchezo

Aliyense amene anapatsidwapo ntchito yolengeza zinthu pa masamba a mchezo, kaya ndi za mpingo, za sukulu kapena za bizinesi, amadziwa kuti kulemba uthengawo si kumene kumatopetsa. Chotopetsa n'kuubwereza. Waulemba bwinobwino pa Facebook, koma pa X ukukana kulowa chifukwa watalika. Pa Instagram chithunzi chadulidwa mutu. Kwa anthu amene alibe foni ya intaneti uyenera kutumiza meseji wamba, ndipo kumeneko malo ndi ochepa kwambiri. N'chifukwa chake panabwera mapulogalamu monga Buffer ndi Hootsuite, komanso timapulogalamu timene maofesi ena amadzilembera okha, kuti munthu alembe kamodzi, makina n'kumwaza uthengawo paliponse.

Funso ndi lakuti: makina amachita chiyani uthenga ukapanda kukwana? Njira yachidule n'kuudula pomwe malo athera. Njira imeneyi ndi imene imabala mapositi othera pakati pa liwu ndi zithunzi za anthu opanda mitu. Telala wodziwa ntchito sasoka diresi limodzi lalikulu kenako n'kumalidula ndi sizasi kuti likwane aliyense. Amayamba wayeza munthu, n'kusoka kuchokera ku zidutswa za nsalu. Pulogalamu yabwino imagwiranso ntchito chomwecho: imalandira uthenga uli m'zidutswa, n'kulumikiza zimene zingakwane pa tsamba lililonse.

Malire a zilembo, ndi mmene amawerengera

Tsamba lililonse lili ndi malire ake. Pa X, munthu wamba amene salipira amaloledwa zilembo 280. Bluesky imalola 300, Threads 500, ndipo maseva ambiri a Mastodon nawonso 500. Mawu a pansi pa chithunzi pa Instagram amafika 2,200, pa LinkedIn 3,000, pamene Facebook imalola zilembo zoposa 60,000. Meseji wamba ya pafoni imanyamula 160. Powerenga, mpata wa pakati pa mawu, mpumiro ndi chizindikiro china chilichonse zimawerengedwa ngati chilembo.

Kudziwa manambalawa ndi theka chabe la ntchito, chifukwa masambawa sawerenga mofanana. Pa X, linki iliyonse imawerengedwa ngati zilembo 23, kaya ndi yaifupi kaya yadzaza mizere iwiri, chifukwa kampaniyo imaikulunga mu linki yakeyake yaifupi. Mastodon imachitanso chimodzimodzi. Mu meseji wamba, linki imadya malo molingana ndi kutalika kwake kwenikweni. Kachithunzi ka imoji, komwe m'maso kamaoneka ngati chinthu chimodzi, X imakawerenga ngati zilembo ziwiri. Ngakhale timadontho titatu tolembedwa ngati chizindikiro chimodzi, timene mapulogalamu amakonda kuika pomwe adula mawu, X imatiwerenga ngati zilembo ziwiri. Pulogalamu imene imagwiritsa ntchito kawerengedwe kamodzi pa masamba onse imalakwitsa mbali zonse ziwiri: nthawi zina imataya mawu amene akanakwana, nthawi zina imatumiza positi imene tsambalo liikana.

Palinso malire ena osalembedwa m'malamulo. Instagram imalola zilembo 2,200, inde, koma munthu amene akungoyendetsa chala pa foni amaona zilembo pafupifupi 125 zoyambirira, zotsalazo zimabisika mpaka atadina pa `more`. Facebook ndi LinkedIn nazonso zimapinda uthenga wautali. Choncho pulogalamu iyenera kudziwa malire awiri: pamene tsamba limakanira, ndi pamene maso a owerenga ambiri amathera.

Chitsanzo: kulengeza msika wa ziweto

Tiyerekeze kuti kopaletivi ya alimi ku Mchinji ikufuna kulengeza msika wa ziweto. Mlembi wake salemba ndime imodzi yaitali. Amadzaza zidutswa, chilichonse ndi nambala yosonyeza kufunika kwake.

Chidutswa choyamba ndi phata la nkhani, chimene sichiyenera kusowa paliponse: "Msika wa ng'ombe ndi mbuzi: Loweruka pa 14 Juni, 8 koloko m'mawa, pa bwalo la kopaletivi ku Mchinji." Chimenechi chili ndi zilembo 100. Chachiwiri ndi cha ndalama: "Kulowa n'kwaulere kwa mamembala okha. Ena alipira K2,000 pakhomo." Tikachiwonjezera, uthenga ukufika pa 166. Chachitatu ndi linki ya mndandanda wa ziweto. Chachinayi: "Padzakhalanso alangizi a ziweto oyankha mafunso." Chachisanu ndi mahashitagi. Chomaliza, chosafunika kwenikweni: "Zakudya ndi zakumwa zidzagulitsidwa pomwepo."

Tione mmene pulogalamu ikonzere positi ya X. Yayamba ndi 166. Linki pamodzi ndi mpata wake ndi 24, kufika pa 190. Chiganizo cha alangizi chikuwonjezera 49, kufika pa 239. Mahashitagi awiri, `#Mchinji` ndi `#Ziweto`, akudya 17, kufika pa 256. Kwatsala malo a zilembo 24, koma chiganizo cha zakudya chikufuna 45. Pulogalamu sichidula chiganizocho pakati kuti igwiritse ntchito malo otsalawo. Imachisiya chonse, positi n'kutuluka ndi zilembo 256, yomveka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pa Threads ndi pa Facebook, pomwe malo alipo, zidutswa zonse zimalowa.

Pa meseji wamba zinthu zikuvutirapo. Zidutswa ziwiri zoyambirira zokha ndi 166, kupyola 160 ndi zilembo 6. Kutaya chidutswa cha ndalama sikungatheke, chifukwa munthu angayende ulendo wautali n'kukabwezedwa pakhomo. Apa m'pamene mlembi amafunika kuti akhale atakonzeratu mawu achidule a chidutswa chomwecho: "Kulowa: mamembala ulere, ena K2,000." Nawo uthenga ukutsika kufika pa 137, ndipo wakwana. Kufupikitsa kotereku ndi ntchito ya munthu, yochitika kamodzi polemba. Ntchito ya makina n'kusankha pakati pa chachitali ndi chachifupi.

Mawu achidulewa amathandizanso pa Instagram, ngakhale malo alipo ambiri. Mukawerenga uthenga wautali uja, mupeza kuti chilembo cha 125 chikugwera patangodutsa mawu akuti "Kulowa n'kwaulere". Munthu amene sadina kuti awerenge zonse achoka akudziwa kuti kulowa n'kwaulere, pamene kwa iyeyo kuli kolipira. Palibe chimene chadulidwa, palibe lamulo lathyoledwa, koma uthenga wanama. Chiganizo chimene tanthauzo lake limatembenuka kumapeto, ndi mawu ngati "okha", "kupatula" kapena "pokhapokha", chisamagwere popindira.

Kachizindikiro kamene kamachulukitsa mtengo katatu

Pali msampha wina umene umagwira kwambiri olemba Chichewa. Meseji wamba imanyamula zilembo 160 pokhapokha ngati zilembo zonse zili pa mndandanda wakale wotchedwa GSM-7. Mukalowa chilembo chimodzi chokha chimene palibe pa mndandandawo, meseji yonse imatumizidwa mwa njira ina yotchedwa UCS-2, imene imanyamula zilembo 70 zokha. Uthenga ukapyola pamenepo umagawidwa m'zigawo za zilembo 67, ndipo chigawo chilichonse chimalipiridwa ngati meseji yapayokha.

Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'mawu ngati Malaŵi, palibe pa mndandanda wa GSM-7. Imoji iliyonse palibenso. Koma chimene chimabisala kwambiri ndi kachizindikiro ka m'mwamba kamene tili nako m'mawu ngati ng'ombe, m'mawa ndi n'kwaulere. Kameneka kali ndi mitundu iwiri: kowongoka ndi kopindika. Kowongoka kali pa mndandanda, kopindika palibe. Tsoka lake, mapulogalamu olembera makalata monga Word, komanso mafoni ena, amasintha okha kowongoka kukhala kopindika munthu akamalemba, ndipo ndi maso n'kovuta kusiyanitsa.

Tibwerere ku uthenga wa zilembo 137 uja. Ngati mlembi anaulemba mu Word n'kuukopera, mawu akuti ng'ombe ndi m'mawa abwera ndi kachizindikiro kopindika. Zigawo ziwiri za 67 zimanyamula 134, choncho 137 ikufuna zigawo zitatu. Kopaletivi ya mamembala 500 imene imayembekezera kulipira mameseji 500 ilipira 1,500. Makampani ena otumiza mameseji ambiri nthawi imodzi amakonza okha zizindikirozi, ena sakonza. Njira yodziwira ndi yosavuta: musanatumize, onani pamene pulogalamu ikusonyeza chiwerengero cha zigawo. Uthenga waufupi ukamaonetsa zigawo zitatu, muli chilembo chachilendo. Pulogalamu yokonzedwa bwino imawongola tizizindikiroti, kusintha ŵ kukhala w ndi kuchotsa maimoji isanayambe n'komwe kuwerenga, koma imachita zimenezi pa meseji wamba pokha. Pa X chilembo cha ŵ chimawerengedwa ngati chimodzi basi, ndipo palibe chifukwa chochichotsera.

Chithunzi chimodzi, mafelemu anayi

Pa zithunzi, chimene chimavuta si kukula kokha koma kaumbidwe, kutanthauza mulifupi poyerekeza ndi msinkhu. Pali maumbidwe anayi amene amabwera kawirikawiri. Loyamba ndi lofanana mbali zonse, mapikiselo 1080 mulifupi ndi 1080 msinkhu. Lachiwiri ndi lotalikirapo, 1080 ndi 1350, limene limadzaza bwino sikirini ya foni pa Instagram. Lachitatu ndi lalitali kwambiri, 1080 ndi 1920, la Stories ndi WhatsApp Status. Lachinayi ndi lachigonere, 1200 ndi 630, limene limaoneka munthu akaika linki pa Facebook.

Tinene kuti kopaletivi ija yakonza posita ya 1080 ndi 1350: mutu pamwamba, chithunzi cha ng'ombe pakati, tsiku ndi malo pansi. Kuti ikhale yofanana mbali zonse, makina achotsa mapikiselo 270, ndiye kuti 135 pamwamba ndi 135 pansi, ndipo n'kutheka kuti mzere wa tsiku upita. Kuti ikhale yachigonere, pa msinkhu wa 1350 patsala 567. Choposa theka la posita chatayika, kwangotsala mimba ya ng'ombe. Kuti idzaze felemu lalitali lija, iyenera kukulitsidwa mpaka mulifupi wake ufike 1536, kenako n'kuchotsa 228 kumanzere ndi 228 kumanja, ndipo mawu a m'mbali adyedwa.

Makina ali ndi njira zitatu. Yoyamba n'kudula, ndipo imagwira bwino pa chithunzi chopanda mawu chimene chinthu chofunika chili pakati. Yachiwiri n'kusiya chithunzi chathunthu n'kudzaza malo otsala ndi mtundu umodzi. Palibe chimene chimatayika, kungoti chithunzi chimaoneka chaching'ono. Pa pulogalamu yaulere ya ImageMagick, njira ziwirizi zimalembedwa motere, mzere woyamba kudula, wachiwiri kudzaza:

```
magick msika.jpg -resize "1080x1080^" -gravity center -extent 1080x1080 chodula.jpg
magick msika.jpg -resize 1080x1920 -background white -gravity center -extent 1080x1920 chodzaza.jpg
```

Njira yachitatu ndi yofanana ndi ija ya mawu: kusunga chithunzi pachokha, mawu paokha, chizindikiro cha bungwe pachokha, n'kukhala ndi chikombole cha felemu lililonse chimene chimanena pomwe chilichonse chikhale. Imafuna ntchito yambiri poyamba, koma ndi yokhayo imene imatulutsa posita yowerengeka paliponse. Pa chikombole cha Stories, pamwamba ndi pansi pamasiyidwa mapikiselo pafupifupi 250 opanda mawu, chifukwa pamenepo pamakhala dzina la mwini tsamba ndi malo oyankhira.

Mapulogalamu ena amayesa kulosera okha mbali yofunika ya chithunzi kuti adule mozungulira pamenepo. Twitter inali ndi njira yotereyi, koma mu 2020 anthu anadandaula kuti pa chithunzi chokhala ndi mzungu ndi munthu wakuda, makinawo ankakonda kusankha nkhope ya mzungu. Mu 2021 kampaniyo inavomereza kuti kafukufuku wake wapeza kukondera, ndipo inayamba kuonetsa zithunzi zambiri zathunthu pa mafoni. Njira yodalirika n'kulola munthu kudina pamalo amodzi pa chithunzi, monga pankhope kapena pa katundu wogulitsidwa, kuti makina azidula mosunga malo amenewo.

Lamulo limene limapulumutsa pa zonsezi n'lakuti tsiku, malo ndi mtengo zisamakhale pa chithunzi pokha. Zilembedwenso m'mawu a positi. Munthu amene bando yake yatsala pang'ono kutha nthawi zambiri satsegula zithunzi, ndipo munthu wosaona amene foni imamuwerengera mawu samva zimene zajambulidwa pa posita.

Mahashitagi: mwambo wa tsamba lililonse

Hashitagi inayambira pa Twitter mu 2007, pamene Chris Messina anapereka ganizo logwiritsa ntchito chizindikiro cha # posonkhanitsa nkhani zofanana. Lero ili paliponse, koma kagwiritsidwe kake n'kosiyana. Pa X, imodzi kapena ziwiri zimakwana, chifukwa iliyonse imadya malo. Instagram kwa zaka zambiri inkalola mpaka 30 pa positi imodzi, ngakhale kuti eni akewo anadzalangiza kuti atatu mpaka asanu ndi okwanira. Threads imalola mutu umodzi wokha pa positi. Pa Mastodon mahashitagi ndi njira yaikulu imene anthu osakudziwani amapezera zimene mwalemba, choncho kuwasiya n'kudzibisa. Pa Facebook anthu ambiri sawalabadira, ndipo mu meseji wamba alibe ntchito ina iliyonse.

Chifukwa cha zimenezi, mahashitagi asalembedwe m'kati mwa uthenga. Akhale pa mndandanda wawowawo, wofunika kwambiri poyamba, ndipo pulogalamu izitenga ochuluka monga mmene tsamba likufunira: awiri pa X, asanu pa Instagram, mmodzi pa Threads, osatenga n'komwe pa meseji.

Kachizindikiro ka m'mwamba kaja kamavutanso pano. Hashitagi imathera pomwe yakumana ndi mpata kapena chizindikiro cha m'kalembedwe. Mukalemba `#ng'ombe`, tsamba limaona `#ng` basi, ndipo odina pamenepo amakapezeka pa nkhani zosagwirizana n'komwe ndi ziweto. Pulogalamu iyenera kuchotsa kachizindikiroko kuti ikhale `#Ngombe`, kapena mlembi asankhe liwu lina monga `#Ziweto`. Hashitagi ya mawu angapo ndi bwino liwu lililonse liyambe ndi chilembo chachikulu, monga `#MsikaWaZiweto`, kuti iwerengeke msanga komanso kuti mapulogalamu owerengera osaona alekanitse mawuwo.

Linki nayo ili ndi mwambo wake. M'mawu a pansi pa chithunzi pa Instagram, linki sidinika. Pulogalamu ikangoikopera monga ilili, owerenga amaona mzere wautali wa zilembo umene sangachite nawo kanthu. Pamenepo chidutswa cha linki chimasinthidwa ndi mawu ouza anthu kuti linki ili pa tsamba la mbiri ya bungwelo. Chimodzimodzi mayina oyamba ndi @: dzina limene bungwe lili nalo pa X lingakhale la munthu wina pa Instagram, choncho pulogalamu isunge dzina la tsamba lililonse palokha.

Pamene makina ayenera kuima

Malamulo onsewa amasintha, ndipo eni masamba sapempha chilolezo kwa munthu. Twitter inali ndi malire a zilembo 140 mpaka mu 2017 pamene inawakweza kufika pa 280. Mu 2023 inasintha malamulo a khomo limene mapulogalamu ankalowera kwaulere, ndipo timapulogalamu tambiri totumiza mapositi tinangosiya kugwira ntchito. Mu 2025 Instagram inasintha tizithunzi ta pa tsamba la mbiri kuchoka pa tofanana mbali zonse kukhala totalikirapo, ndipo maposita ambiri akale anayamba kuoneka odulidwa m'mbali. N'chifukwa chake manambala onse, malire a zilembo, maumbidwe a zithunzi ndi kuchuluka kwa mahashitagi, ayenera kukhala pa tebulo limodzi lokhala ndi tsiku limene anawaona komaliza, kuti tsamba likasintha munthu akonze mzere umodzi wokha.

Zizindikiro zoti china chake chasokonekera zimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana. Positi yatuluka pa masamba atatu koma pa lachinayi palibe: tsambalo laikana, mwina chifukwa cha kutalika kapena kaumbidwe ka chithunzi, ndipo pulogalamu sinanene. Bilu ya mameseji yakwera pamene mamembala ndi omwewo: mwalowa chilembo chachilendo. Anthu akufunsa m'mayankho tsiku kapena mtengo umene mukudziwa kuti munalemba: chidutswacho chabisika popindira kapena chadulidwa pa chithunzi. Musanakhulupirire chikombole chatsopano, tumizani positi yoyesera n'kuiona pa foni yeniyeni, makamaka ya sikirini yaying'ono, osati pa kompyuta yokha.

Lamulo lomaliza loti pulogalamu ipatsidwe ndi la zimene ichite zidutswa zosayenera kusowa zikakana kukwana ngakhale m'mawu achidule. Isadule ndiponso isatumize. Iime, idziwitse mlembi kuti pa tsamba lakutilakuti uthenga wapyola ndi zilembo zakutizakuti, ndipo idikire. Mlembi angafupikitse mawu, angaugawe uthengawo pawiri, kapena angaganize kuti tsamba limenelo alisiye ulendo uno. Makina amadziwa kuwerenga zilembo ndi mapikiselo, koma sadziwa kuti pa mawu onsewo, liwu lakuti "okha" ndi limene lingachititse mlimi kubwerera pakhomo pa msika.